Mwana wa zaka 9 kukwera ndege yekha kupita ku Joni, ndani akamulandire?

"Ine ndili ku Joni kuno, mwana wanga wa zaka 9 amakhala ndi agogo ake ku Ndirande. Ndikufuna abwere pa holide ya Disembala koma palibe womuperekeza, ndamva kuti a ndege amatha kumusamalira. Ndikonze chani? Nanga poti Loweruka ndimagwira ntchito, mchimwene wanga kapena mzanga wa pa yadi angakamutenge ku eyapoti? Bambo ake tinasiyana, ali ku Lilongwe."

Achemwali, zimatheka ndithu, ndipo zaka 9 zili bwinobwino chifukwa makampani ambiri a ndege amatenga mwana woyenda yekha kuyambira zaka 5 mpaka 11, wosakwana 5 sangamulole olo mutachonderera bwanji. Pa mafomu awo amalemba kuti Unaccompanied Minor kapena kungoti UM, ndiye mukamayankhula ndi ejenti muzitchula mawu amenewo kuti asakugulitseni tiketi wamba. Tiketi yake musagule nokha pa foni, pitani ku ofesi ya ndegeyo kapena kwa ejenti, pamakhala ndalama yapadera pamwamba pa tiketi komanso ndege imodzi amaika malire a ana otere, ndiye Disembala mukazengereza mupeza malo atha.

Koma musanaganize za tiketi yambani mwasankha munthu wokamulandira, nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu tinazolowera kuti mwana timangomukweza basi, kumuuza kondakitala kuti akamutsitse pa Wenela, aliyense wachibale amene ali pafupi akamutenga. Ku ndege kulibe zimenezo. Pali fomu yomwe mumalemba dzina, adiresi ndi nambala ya foni ya womuperekeza ku Chileka, komanso za womulandira ku eyapoti ya OR Tambo ku Joni, ndipo wantchito wa ndege amamugwira mwana dzanja mpaka kumupereka kwa munthu amene dzina lake lili pa fomuyo basi, ataona kaye pasipoti kapena chitupa chake chokhala ndi chithunzi, munthuyo n'kusainira kuti walandira. Mwana atha kukuwa kuti amalume! amalume! mpaka kuwathamangira, koma ngati dzina la amalumewo mulibe samupereka. Ngakhale inuyo mayi ake enieni mutatulukira pomwe pa fomu pali dzina la wina, mukhala pa benchi kudikira kuti aimbe mafoni kutsimikiza.

Ndiye mchimwene wanuyo angathe, mzanu wa pa yadi angathenso, sipafunika kuti akhale wachibale, bola akhale wamkulu woposa zaka 18 ndipo mwamulemberatu. Funsani ngati fomu yawo ili ndi malo a dzina lachiwiri, mulembe awiri kuti wina akagwidwa ndi ntchito wina apite. Dzinalo mukopere ku pasipoti yake chilembo ndi chilembo, osati lomwe timamuitanira kunyumba. Msuweni wanga zinamuonekera chaka china, analemba dzina la mlamu wake lomwe tonse timalidziwa, osadziwa kuti pa pasipoti munthuyo amagwiritsa ntchito dzina la bambo ake omulera, anakhala pa eyapoti mpaka mdima mwana ali mbali inayo akuonerana pa galasi akulira, kudikira kuti ofesi ya kuno itsimikize. Zikasintha tsiku lisanafike imbirani ofesi ya ndege asinthe pa fomu mwana asananyamuke, meseji ya pa WhatsApp yomuonetsa wantchito pa geti siigwira ntchito.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri a ku Joni amakodwa. Kupatula fomu ya ndege, boma la South Africa lili ndi malamulo ake a ana olowa ndi kutuluka, anayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2015. Mu 2019 anawafewetsa kwa ana akunja oyenda ndi makolo koma kwa mwana woyenda yekha anasiya momwemo. Womulandirayo amayenera kulemba kalata yonena kuti ndine wakuti, ndikulandira mwana wakuti, akakhala pa adiresi yakuti, foni yanga ndi iyi, n'kuphatikizapo fotokope ya pasipoti yake pamodzi ndi viza kapena pemiti yomwe ikumulola kukhala m'dzikomo, kapena chitupa cha konko ngati ali nzika. Ndiye mufunseni mchimwene wanuyo mosabisa, mapepala ake ali bwino? Ngati masiku anamuthera kalekale musamulembe, mungomuika m'mavuto ndipo mwanayo atha kukanizidwa kukwera ku Chileka komweko poti a ndege amayang'ana mapepalawa asanapereke mpando. Kalatayi ndi fomu ya ndege zizinena munthu mmodzi, osati uku mchimwene uku mzanu.

Za bambo akewo musazitenge mopepuka. Pamafunika setifiketi ya kubadwa ya mwana, ija ya ku NRB, ndi kalata yovomereza ulendowu yochokera kwa makolo, mafotokope a mapasipoti kapena zitupa zanu ndi manambala anu a foni. Ngati dzina la bambo lili pa setifiketiyo ndiye kuti naonso asaine, kusiyana banja sikuchotsa zimenezo, pokhapokha muli ndi chikalata cha khoti chokupatsani mwana nokha, kapena kwa amene mwamuna anamwalira setifiketi ya imfa. Ayambeni kuwanyengerera pano, ena amadikira nthawi ngati imeneyi kuti akukhaulitseni. Kalatayo isapitirire miyezi 6 pofika tsiku la ulendo, ndipo ine ndimalangiza kuti adinditse kwa loya kapena kwa majisitireti ku Lilongwe, inu mbali yanu mukadinditse pa polisi ya pafupi nanu konko, amadinda ulere. Yang'ananinso pasipoti ya mwana kuti siikutha posachedwa.

Mapepala onsewa akhale m'manja mwa mwana osati mu chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege. Makampani ambiri amamuveka kachikwama ka pulasitiki m'khosi kolembedwa UM, mumalowa pasipoti, tiketi ndi fomu ija. Agogo asungeko mafotokope ena, inunso mujambule onse pa foni.

Tsiku la ulendo agogo kapena amene mwamulemba ngati woperekeza apite ndi chitupa chake, afike msanga chifukwa pa kauntala pamatenga nthawi, ndipo asachoke mwana akangolowa mkati kuti akathamangire minibasi ya ku tauni, adikire mpaka ndege inyamuke. Ndege ikalephereka mwana amabwezedwa kwa yemweyo. Mu kachikwama ka kumsana muikemo juzi poti mu ndege mumazizira, tokhwasula pang'ono, ndi kapepala ka manambala anu. Ngati amamwa mankhwala, monga a mphumu, nenani pogula tiketi, antchito a mu ndege sakhala ndi udindo womwetsa mwana mankhwala. Mumuuzenso kuti akatsika asatsatire gulu, akhale pa mpando mpaka anti kapena ankolo a yunifomu amutenge.

Ulendo wake ndi wa maola awiri ndi kanthu basi, ndiye womulandira anyamuke kunyumba mwana akamakwera kuno, Loweruka la Disembala misewu yopita ku Kempton Park komwe kuli eyapotiyo simungaidalire. Akapanda kufika a ndege amaimba manambala a pa fomu, zikakanika atha kumubweza mwana ndi ndege ina ndalama zake n'kukulipiritsani inu, munasainira zimenezo pa fomu muja.

Pobwerera ndi chimodzimodzi, fomu ina, dzina la womulandira ku Chileka lokopera ku chitupa chake, ndipo a imigireshoni aku OR Tambo adzafunanso mapepala omwe aja potuluka ndiye musawataye mwana akafika. Mwana wa pasipoti ya Malawi amamudindira masiku osapitirira 30, tiketi yobwerera ikhale mkati mwa masiku amenewo.