Golide wa K60,000 pa galamu ku Limbuli, ndigule?

"Achimwene, ine ndimakhala ku Chitakale. Munthu wina yemwe ndinakumana naye ku Limbuli akuti ali ndi golide wa magalamu 50 wochoka ku Mozambiki, wa makarati 22, akugulitsa K60,000 pa galamu chifukwa ali ndi matenda kunyumba. Akuti ndiyambe ndatumiza theka pafoni. Ndingadziwe bwanji ngati ndi zenizeni?"

Achimwene, musatumize kalikonse kaye, tengani foni ndi kakyuleta tiwerengere limodzi.

Golide ali ndi mtengo umodzi wa dziko lonse lapansi umene aliyense atha kuuona ulele. Lowani pa kitco.com kapena goldprice.org, kapena ingolembani XAU/USD pa Google. Nambala imene ituluke ndi madola a ku Amerika pa aunsi imodzi ya golide weniweni wa makarati 24, ndipo imasinthasintha tsiku lonse kupatula Loweruka ndi Lamulungu pamene msika umakhala wotseka, mukaona masiku amenewo dziwani kuti ndi mtengo wa Lachisanu. Aunsi ya golide ndi magalamu 31.1, osati 28.35 ya sikelo wamba, apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka.

Tiyerekeze kuti lero pafoni pakuoneka 4,000, inu muyike nambala imene muipezeyo. Gawani 4,000 ndi 31.1, mupeza madola pafupifupi 128.6 pa galamu. Ndiye chulukitsani ndi reti ya ku banki, tingoti K1,750 pa dola, zikubwera K225,000 pa galamu. Koma iye wanena yekha kuti ndi wa makarati 22, kutanthauza kuti pa magawo 24 aliwonse 22 ndiwo golide, enawo ndi zitsulo zina ngati kopa ndi siliva, nde chulukitsaninso ndi 0.916. Tafika pa K206,000. Magalamu 50 ndi K10.3 miliyoni, pomwe iye akufuna K3 miliyoni basi. Ndipotu ndawerengera reti ya ku banki yomwe ndi yotsika, mukatengera mmene dola imayendera kunja kwa banki kusiyanako kukula kwambiri.

Ndiye dzifunseni, munthu amene ali ndi wodwala kunyumba, amene akufunadi ndalama, angataye K7 miliyoni chifukwa chani? Golide si tomato woti aola pofika madzulo, ndipo ogula sasowa. Kuyambira 2021 Reserve Bank yakhala ikugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund. Inde wogula weniweni amadulako, chifukwa golide wokumba amakhala ndi zinyalala, pali zoyeretsa komanso phindu lake, koma sizifika poti mtengo utsale wosakwana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine zimandiwawa chifukwa ndalama zimene zimapita mwanjira imeneyi nthawi zambiri zimakhala za banki nkhonde kapena zimene munthu wasunga chaka chonse akutchola tiyi.

China, mtengowo muuone pafoni yanu, ndi bandulo yanu. Akakutumizirani sikirinishoti pa WhatsApp musaikhulupirire, itha kukhala ya zaka zapitazo golide ali wotchipa kuti K60,000 ioneke ngati siili patali, kapenanso yosinthidwa manambala.

Koma ndisakunamizeni, masamuwa amangogwira bodza la mtengo. Wakuba wochenjera atha kukuuzani K190,000, yoyandikira bwinobwino, chinthucho chili chitsulo chopaka. Apa chimathandiza ndi kulemera. Golide ndi wolemera modabwitsa, mililita imodzi imalemera magalamu 19.3, wa makarati 22 cha m'ma 17.7, pomwe chitsulo chachikasu chija amapangira zogwirira zitseko ndi matapu chimangofika 8.5. Ndiye ngati ndi chibulumwa, chiyezeni pa sikelo yanu, kenako chiponyeni m'madzi mu jakisoni wamkulu wokhala ndi mizere mutatseka kukamwa kwake. Magalamu 50 enieni akweza madzi ndi mamililita osakwana 3, chitsulo chachikasucho chikweza pafupifupi 6. Chikakanirira ku maginito ndiye chisiyeni pomwepo, ngakhale kusakanirira sikutsimikiza kanthu poti kopa nayenso sakanirira. Pali chitsulo china, tangisiteni, chimene chimalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi golide, chimenecho madzi sangachigwire. Akakhala wa fumbi ndiye zovuta zedi, amakupatsani kasampulo keniweni kokayezetsa, thumba lonselo ali zina.

Za theka la pafonizo ayi ndithu. Kugula ndi kugulitsa golide kuno kumafuna laisensi ya boma, ndipo golide wolowa mozemba pa boda ya Muloza atha kukugwiritsani inuyo kupolisi ngakhale atakhala weniweni. Muuzeni kuti mupite limodzi ku Blantyre kwa wogula wa laisensi, akayeze katundu yense inu muli pomwepo, transipoti mulipira ndinu. Akayamba zoti nthawi palibe, kapena kuti pali wina wa ku Luchenza akubwera ndi ndalama madzulo ano, msiyeni agulitse kwa ameneyo.