Mawu otsekera imelo amatsata moni amene mwayamba naye

"Abale, imelo iliyonse ndimangotseka ndi Best regards, kaya ndikufunsira ntchito, kaya ndikulembera mnzanga wa mu ofesi. Ndikuona ngati sizikukhala bwino. Pali mawu ena oti ndizilemba?"

Alipo ndithu, achimwene, koma musanasankhe bwererani kaye pamwamba pa imeloyo muone moni amene mwapereka. Moniyo ndi amene amaonetsa kuti munthuyo mumadziwana naye motani, ndipo mawu otsekera ayenera kugwirizana naye.

Tiyerekeze kuti mukufunsira ntchito. Simukudziwa amene akawerenge, ndiye mwayamba ndi Dear Sir/Madam. Pamenepa tsekani ndi Yours faithfully, pansi pake mulembe dzina lanu lonse ndi nambala ya foni. Ngati chilengezo cha ntchitocho chatchula dzina la munthu, inu n'kuyamba ndi Dear Mr kapena Dear Ms ndi dzina la bambo ake, tsekani ndi Yours sincerely. Kameneka ndi kalembedwe ka ku Britain komwe tinaphunzira kusukulu polemba kalata ya ntchito, ndipo akuluakulu ambiri m'maofesi amaona msanga mukasokoneza awiriwa. A ku America sasamala kwenikweni za kusiyanaku, iwo amangolemba Sincerely. Chilembo chachikulu chimakhala pa liwu loyamba lokha, kumapeto kumabwera chizindikiro cha mpatuliro, ndipo Yours salembedwa Your's.

Tsopano akuyankhani kuti mubwere ku intavyu. Akutchulani dzina lanu loyamba, atseka ndi Kind regards, iwonso asaina ndi dzina loyamba lokha. Apa akupatsani mpata womasukako pang'ono. Mukapitiriza Yours faithfully zimaoneka ngati simunaone n'komwe dzina lawo. Yankhani ndi Kind regards, kapena Many thanks chifukwa pali chenicheni chothokoza. Koma musapitirire pamene iwo afika. Wamkulu, kapena amene mukumupempha kanthu, ndiye amayamba kumasuka, inu muzitsata pambuyo. Kind regards ameneyu ndiye ndingakulimbikitseni kwa makasitomala, aphunzitsi a kukoleji ndi abwana omwe simunazolowerane nawo, chifukwa ali ndi ulemu koma sauma.

Regards payekha samalani naye. Kwa anthu ena n'chizolowezi chabe, koma ngati munthu mwakhala mukumulembera Kind regards, ndiye tsiku lokumbutsa za ndalama zomwe zachedwa n'kungolemba Regards, iye amamva kuti mwakwiya, ngakhale inu munangofulumira. Thanks in advance nayenso ali ndi vuto lake: mukuthokoza munthu asanavomere, ndiye kwa abwana kapena mlendo zimamveka ngati mwawalamula kale. Kuli bwino kulemba chiganizo chonena tsiku limene mukufuna yankho, kenako Thank you for your time.

Mwayamba ntchito, papita miyezi, mwadyera limodzi nkhomaliro kangapo. Warm regards kapena Best wishes tsopano akukhala bwino, makamaka kwa munthu amene munagwira naye ntchito kale, kapena amene akusamuka. Warm regards kwa munthu amene simunaonanepo amamveka ngati mukudzikakamiza pa chibale chomwe palibe. Kwa anzanu a tsiku ndi tsiku, Thanks ndi dzina loyamba basi. Cheers amamveka kwambiri ku Britain ndi ku South Africa, ndipo tanthauzo lake pamenepa ndi zikomo kapena tionana, koma kuno ena amangokumbukira zowombanitsa matambula, choncho asapite kwa abwana. Take care ndi wa mnzanu weniweni, kapena amene wakuuzani kuti akudwala. God bless ndi Stay blessed timawakonda, ndipo kwa a mpingo ali bwino, koma kwa mlendo pa nkhani ya ntchito asiyeni popeza chikhulupiriro chake simukuchidziwa.

Ngati imelo yonse ili m'Chichewa, musaitseke m'Chingerezi. Kwa akuluakulu lembani "Ine wanu," kapena "Ine wanu wokhulupirika," kwa amene mumadziwana "Zikomo kwambiri" kapena "Zabwino zonse," kwa mnzanu "Tionana."

China chomwe chimasokoneza ambiri ndi siginecha yodzilemba yokha. Mukaikamo Best regards, amatuluka pa imelo iliyonse, ngakhale yopepesa maliro, ndipo mukaiwala n'kulemba Many thanks pamwamba pake, mawu otsekera amakhala awiri. Pa Gmail ya pa kompyuta lowani ku Settings, kenako See all settings, mutsike mpaka pa Signature. Musiyemo dzina, udindo ndi nambala zokha, mawu otsekerawo muzilemba pamanja. Ndipo mukayankhana katatu kapena kanayi pa nkhani imodzi tsiku lomwelo, dzina lanu lokha likukwanira.