Imelo yoyankhira tenda: ikani pepala lililonse pomwe ounika akalifunire

"A loya, kampani yathu yaitanidwa kuti ipikisane nawo pa tenda yopereka madesiki ndi mipando ya mu ofesi, ndipo akuti zonse titumize pa imelo. Ulendo watha anatichotsa ati setifiketi ya msonkho sanaione, chonsecho tinaitumiza. Ndiye imeloyi tiikonze bwanji kuti zisachitikenso? Nanga zikachitikanso tili ndi poyambira?"

Mayi, yambani mwadziwa momwe komiti younika imagwirira ntchito, chifukwa kakonzedwe ka imelo yanu kachokera pamenepo. Asanayang'ane ubwino wa madesiki kapena mtengo wake, amayamba aona ngati mapepala onse amene anafunsa alipo. Amakhala ndi ndandanda, ndipo pa chinthu chilichonse amangochonga kuti chilipo kapena palibe. Amene wagwa pa gawo limeneli mtengo wake suwerengedwa n'komwe, ngakhale utakhala wotsika kuposa wa onse.

Anthu ambiri amaganiza kuti komiti ikasowa pepala iyenera kuwafunsa. Si choncho. Malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma m'mayiko ambiri amatsata chitsanzo cha lamulo chimene UNCITRAL, nthambi ya United Nations yoona za malamulo a malonda a pakati pa mayiko, inatulutsa mu 2011. Chitsanzochi chimalola wogula kupempha wopikisana kuti afotokoze bwino zimene watumiza, koma chimaletsa kuti kufotokozako kusinthe thunthu la zomwe watumizazo, kapena kusandutsa zoperewera kukhala zokwanira. Tsono komiti ikhoza kukufunsani, koma sikukakamizidwa, ndipo nthawi yotsekera ikadutsa kawirikawiri simuloledwa kuwonjezera pepala lofunika limene linatsala. Ngati setifiketi yanu ija inali pa tsamba la 43 la fayilo imodzi yaikulu, pakati pa zithunzi za mipando, n'zoona munaitumiza, koma munasiyira wounika ntchito imene inali yanu.

Choncho tsegulani chikalata cha tenda pa gawo la malangizo kwa opikisana, pomwe alemba mapepala ofunika. Ndandanda imeneyo ndiyo msana wa imelo yanu. Musaisinthe, musaikonze kuti imveke bwino, ndipo musayambe ndi chimene inu mumanyadira. Tiyerekeze kuti nambala ya tenda ndi TND/07 ndipo ndime 11 ikufuna zinthu zisanu motsatana: fomu yoperekera tenda yosayinidwa, setifiketi yolembetsera kampani, setifiketi ya msonkho, chikole cha ku banki, ndi tsatanetsatane wa katundu. Mtengo akuti ubwere pawokha. Mutu wa imelo ndi maina a mafayilo zikhale motere, m'chinenero chimene tendayo yalembedwa:

```
Subject: TND/07 - Bid Submission - Dzina la kampani - Email 1 of 2
11a_Bid_Form_Signed.pdf
11b_Company_Registration.pdf
11c_Tax_Clearance.pdf
11d_Bid_Security.pdf
11e_Technical_Specifications.pdf
```

Wounika amene wafika pa 11c m'ndandanda yake akuona 11c m'bokosi lake, watsegula, wachonga. Ngati chikalata cha tenda chanena mawu enieni oti mulembe pa mutu wa imelo, lembani omwewo osasintha ngakhale chilembo chimodzi, poti maofesi ena amasankhula maimelo potengera mutuwo. Ngatinso chanena kuti zonse zikhale mu fayilo imodzi, mverani, koma tsamba loyamba likhale la zam'katimu, losonyeza ndime iliyonse ndi tsamba pomwe yankho lake lili.

Uthenga wa m'kati mwa imelo ukhale waufupi. Chiganizo choyamba chitchule dzina la kampani monga lilili pa setifiketi, nambala ya tenda, ndi loti imene mukupikisana ngati tendayo yagawidwa m'magawo otchedwa maloti. Kenako bwerezani ndandanda ija, mzere uliwonse ndime ya tenda, dzina la fayilo ndi chiwerengero cha masamba ake. Ngati panatuluka zosintha pa chikalata cha tenda mutachilandira kale, nenani kuti munaziona ndi manambala ake. Malizani ndi dzina ndi udindo wa amene wasayina fomu, ndipo pemphani kuti akuyankheni kuti alandira. Mbiri ya kampani ndi malonje aatali zilibe malo pano.

Tsopano mbali imene ine ngati loya ndimaiopa kwambiri: zimene anthu amalemba m'uthengamo mosaganizira. Imeloyo ndi gawo la zomwe mwapereka, ndipo ikhoza kuwerengedwa pamodzi ndi mafomu. Mukalemba kuti "mitengo ingasinthe malinga ndi msika", mwaika mfundo imene tenda sinalole, ndipo komiti ili ndi chifukwa chokwanira chokuchotserani. Chimodzimodzi ngati tenda ikufuna kuti zomwe mwapereka zikhale zogwira ntchito masiku 90, fomu yanu yavomera 90, koma pansi pa imelo pali mawu ozolowera a m'makotesheni anu onena za masiku 30. Yang'ananinso timawu tija timene timadzilemba tokha kumapeto kwa imelo iliyonse ya kampani, tonena kuti uthengawu sukumanga kampani pa chilichonse. Pa tenda mukufuna kumangidwa ndi mawu anu, ndiye tichotseni.

Mtengo nawo usaoneke m'uthenga, ngakhale pa dzina la fayilo. Pamene tenda yalekanitsa za katundu ndi za mtengo, cholinga n'choti ounika aweruze katunduyo asanadziwe ndalama zake. Mtengo upite mu imelo yachiwiri, ndipo ngati alamula kuti fayiloyo itsekedwe ndi pasiwedi, pasiwediyo muisunge mpaka nthawi imene anena. Tumizani ku adiresi yokhayo imene yalembedwa m'chikalata. Kupatsako kope bwana wina wa kumeneko amene mumadziwana naye kumaphwanya chinsinsi cha tenda, ndipo kungaoneke ngati mukufuna kukonderedwa.

Pa nkhani ya nthawi, chimene chimawerengedwa kawirikawiri ndi ola limene imelo yafika kwa iwo, osati limene inu mwadina potumiza. Mafayilo akamayenda pa imelo amakula pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, moti mafayilo a mamegabayiti 9 akhoza kukanidwa pomwe malire ndi 10. Chizindikiro chake ndi uthenga wobwerera, umene nthawi zina umachedwa kapena kugwera m'bokosi la `Spam`. Mukagawa maimelo, iliyonse inene kuti ndi yachingati mwa angati, ndipo onse afike nthawi isanakwane. Musaike linki yoti akatengereko mafayilo pokhapokha atalola, chifukwa zomwe zili pa linki zikhoza kusinthidwa nthawi yotsekera itadutsa. Kutumiza tsiku limodzi nthawi isanakwane kulinso ndi phindu lina: malamulo ambiri amalola kusintha kapena kubweza zomwe mwatumiza nthawi yotsekera isanafike, ndiye mukapeza kuti tsamba lina silinasayinidwe, mpata wokonza ulipo.

Akadzakuchotsanibe ponena kuti pepala palibe, poyambira mulipo. Pa tenda ya boma, malamulo a mayiko ambiri amakupatsani ufulu wopempha zifukwa, komanso wodandaula, koyamba kwa wogula yemweyo kenako ku bungwe loyang'anira kapena ku khoti. Masiku odandaulira amakhala ochepa, ndipo kontrakiti ikasayinidwa kale n'kovuta kuibweza, choncho onani chiwerengero cha masikuwo m'chikalata cha tenda lero lomwe. Pa tenda ya kampani wamba ufulu wanu ndi wocheperapo, ndipo umadalira kwambiri zimene iwo eni analonjeza m'chikalatacho. Konseku umboni wanu ndi imelo ija. Isungeni momwe ilili m'bokosi la `Sent`, pamodzi ndi mafayilo ake ndi yankho lawo lovomera kuti analandira. Kalata yanu yodandaula idzangonena kuti setifiketi ya msonkho inali fayilo 11c, yatsamba limodzi, mu imelo yoyamba, idzatchula tsiku ndi ola limene inatumizidwa, ndi kupempha kuti komiti iunikenso.