Kalata yosintha osayinira akaunti ya bungwe ku banki

"Abale thandizeni, bungwe lathu tasankha komiti yatsopano ndiye tikufuna kusintha osayinira akaunti ku banki. Kalata yake timalemba bwanji?"

Achemwali, awo akuti ingolembani kalata mukasiye pa kauntala musawamvere, mukabwezedwa. Ine ndinali mlembi wa bungwe lathu ndipo zinandionekera.

Ulendo woyamba kalata inasayinidwa ndi a komiti yatsopano okhaokha, ku banki anaikana pompo chifukwa masiginecha amenewo sakuwadziwa, iwo amafananiza ndi amene ali mufayilo yawo. Ndiye apezeni osayinira akalewo akadali pafupi asayinire kalatayo, ndipo ngati panopa pamasayina anthu awiri, pakalatapo pakhalenso awiri. Ngati wina anamwalira kapena akukana, kafunseni ku bulanchi komwe munatsegulira akaunti musanalembe chilichonse, akakuuzani zoti mubweretse.

Koma chomwe chinatipweteka kwambiri ndi ichi. Ife tinangolemba kuti onjezerani mayina awa, osatchula oti achotsedwe, timaganiza kuti a banki adziwa okha poti komiti yasintha. Ayi ndithu, iwo amapanga zomwe mwalemba basi. Msungichuma wakale anakhalabe wosayinira pafupifupi miyezi itatu, mameseji a ndalama zolowa ndi zotuluka amapitabe pafoni yake, tinadziwira iye mwini ataimba foni kudzafunsa. Mwamwayi anali munthu wokhulupirika, akanakhala wina sindikudziwa kuti bwenzi tikunena zotani lero.

Ndiye mukalatamo, yomwe ikhale papepala la bungwe ndi chidindo ngati muli nacho, yambani ndi dzina la akaunti ndi nambala yake, kenako tsiku la msonkhano umene unagwirizana zosinthazi. Lembani mayina a ochotsedwa paokha, olowa paokha, otsala paokha, aliyense ndi udindo wake, ndipo dzina lilembedwe ndendende mmene lilili pachiphaso chake. Kenako nenani kasayinidwe kake momveka, mwachitsanzo "awiri mwa atatuwa, koma mmodzi akhale msungichuma", ndi tsiku loyambira. Nambala ya foni ndi imelo yolandirira mameseji muzitchulenso kuti zisinthidwe, pamodzi ndi za banki ya pa intaneti ngati mumagwiritsa ntchito.

Kalata payokha siyenda, muphatikizepo maminitsi a msonkhanowo osayinidwa ndi wapampando ndi mlembi, ndi mafotokope a ziphaso. Atsopanowo konzekani kupita nokha, pamakhala mafomu osiyapo siginecha yanu.

Chenjeraninso ndi macheke amene akalewo anasayina koma sanatapidwe, akafika osayinawo atachotsedwa kale akhoza kubwezedwa, ndiye alembeni manambala ake muwauze a banki. Kope yanu ya kalatayo akudindireni tsiku lomwe alandira, ndipo musayambe kusayina mpaka atakutsimikizirani kuti zasinthidwa mukompyuta yawo.