Masheya akakula kupyola malire amene munawaikira

"Ndalama zanga ndinazigawa 60 peresenti m'masheya, 40 m'mabondi. Sindinagule kapena kugulitsa kanthu, koma lero masheya ali pa 68. Chachitika n'chiyani? Ndigulitsedi zinthu zimene zikundipindulira?"

Funso lanu lachiwirilo ndi limene takhala tikukanganirana ndi achimwene anga kwa zaka zambiri. Iwo amati wogulitsa masheya amene akukwera mutu wake sukuyenda bwino. Ine ndimawauza kuti 60 ija simunailembe pofuna phindu lokha, munailemba poyeza kuchuluka kwa ndalama zimene mungataye mtima uli m'malo.

Palibe chalakwika, zinthu ziwirizi zimangokula mosiyana. Tinene kuti munaika 60,000 m'masheya ndi 40,000 m'mabondi, ndipo masheya akukula ndi 10 peresenti pachaka, mabondi ndi 3. Pakatha zaka zisanu masheya afika pafupifupi 96,600 pomwe mabondi ali pa 46,400. Zonse pamodzi ndi 143,000, ndiye gawo la masheya lasanduka 68 peresenti inu muli chikhalire. Mukazisiya zaka zina zisanu lidzafika pa 74.

Achimwene amati nanga vuto lili pati, ndalama zachuluka. Vuto limaoneka msika ukagwa. Mu 2008 masheya a makampani akuluakulu a ku America a mu S&P 500 anatsika ndi pafupifupi 37 peresenti. Kugwa kotere kumadya pafupifupi 22 peresenti ya chuma cha munthu amene ali pa 60, koma 27 kwa amene ali pa 74, tisanawerengere za mabondi. Chimandinyansa n'chakuti anthu omwe amakana kugulitsa msika uli pamwamba ndi omwenso amathamangira kugulitsa zonse ukagwa. Chonsecho lamulo lobwezera magawo pa 60 ndi 40 limagwira mbali zonse: masheya akatsika mpaka 50, mumagulitsa mabondi n'kugula masheya, nthawi imene aliyense akuwathawa. Pamenepa ndi pamene ambiri amabwerera m'mbuyo.

Ndipo musanamizidwe kuti kubwezera magawo kumachulukitsa phindu. Masheya akamangokwera zaka zambiri, wosagulitsa uja amakupitirirani. Chimene mumapeza n'chakuti chiopsezo chimakhala pa mlingo umene munasankha nokha, osati umene msika wakusankhirani.

Chochita tsopano

Pa 143,000 ija, 60 peresenti ndi 85,800, choncho mugulitse masheya a 10,800 n'kugula mabondi. Koma kugulitsa kumakhala ndi ndalama za buloka, ndipo m'maiko ambiri phindulo limadulidwa msonkho. Ngati mumaonjezera ndalama mwezi ndi mwezi, yambani n'kuziika zonse ku mabondi pamodzi ndi madividendi, phindu limene makampani amagawira eni masheya, mugulitse pokhapokha zikapanda kukwanira. Muziyang'ana kamodzi pachaka, ndipo muzisuntha ndalama gawo likapatuka ndi mapointi 5 kapena kuposa. Lanu lapatuka ndi 8.