Funsani Dokotala: Mwamuna wanga akutsokomola magazi

Funso: Adokotala, mwamuna wanga ali ndi zaka 52, amasuta fodya, ndipo anadwalapo chifuwa chachikulu zaka zinayi zapitazo n'kumaliza mankhwala ake onse. Sabata ino wayamba kutulutsa magazi akamatsokomola. Kodi matenda aja abwereranso, ndipo ndichite chiyani magazi akachuluka?

Yankho: Mayi, bambowa akaonedwe kuchipatala lero lomwe ngakhale magaziwo atakhala timizere chabe m'makhololo. Ngati atulutsa magazi okwana theka la kapu, pafupifupi mamililita 100, pa tsiku limodzi, kapena akubanika, akuchita chizungulire, thamangani nawo nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Choopsa chachikulu pa vutoli si kutha kwa magazi m'thupi ayi, koma kutsamwa, chifukwa njira zikuluzikulu za mpweya zimadzaza ndi mamililita 150 okha, ndipo magazi akaundana mmenemo munthu amalephera kupuma.

Podikira galimoto musawagoneke chagada. Akhale tsonga atawerama pang'ono kuti magazi azituluka, ndipo ngati mukudziwa mbali imene inali ndi bala pa nthawi ya matenda oyamba aja, kapena iwo akumva kuti magazi akuchokera mbali iti, agonere mbali yomweyo kuti phapo labwino likhale pamwamba, lisalowe magazi. Asameze magaziwo koma alavulire m'kachitini kuti adokotala akaone kuchuluka kwake ndi mtundu wake. Magazi a m'mapapo amakhala ofiira kwambiri, athovu, osakanikirana ndi makhololo, pamene a m'mimba amabwera ndi kusanza, amakhala akuda ndipo nthawi zambiri amasakanikirana ndi chakudya. Musawapatse asipirini kapena bulufeni, popeza mankhwalawa amachedwetsa kuundana kwa magazi, ndipo ngati amamwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana, mukanene mukangofika. Kuchipatala adzawapatsa mpweya wa okosijeni, kuwaika diripi, kuyeza magazi awo, ndipo kawirikawiri timapereka mankhwala a tiranekisamiki asidi othandiza kuti magazi aundane.

N'zotheka ndithu kuti chifuwa chachikulu chabwerera, makamaka ngati akhala akutsokomola kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo, akutuluka thukuta usiku, thupi likutentha madzulo, ndipo akuwonda. Adzapereka makhololo kuti ayezedwe ndi makina a jinekisipati, amene amaonetsanso ngati tizilombo ta matendawa sitikumva rifampisini, amene ndi amodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, ndipo adzajambulidwa ekisire ndi kuyezedwa kachilombo ka HIV. Mukauze adokotala momveka bwino kuti analandirapo chithandizo kale, chifukwa makinawa amatha kupeza zotsalira za tizilombo takufa mwa munthu amene anachira, ndipo zikatero pamafunika kumeretsa makhololo mu labotale kuti tidziwe ngati tizilomboto tili moyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri amene anadwalapo matendawa amabwezeredwa pa mankhwala a miyezi 6 popanda umboni, pamene vuto lawo ndi zipsera zimene matenda oyamba anasiya. Zipserazi zimakoka timapaipi ta mpweya mpaka titatakasuka n'kulephera kudziyeretsa, matenda amene timawatcha bulonkiyekitasisi. Munthu wotere amatulutsa makhololo ambiri achikasu kapena obiriwira pafupifupi tsiku lililonse, makamaka m'mawa podzuka, kwa miyezi kapena zaka, ndipo magazi amabwera pamene majeremusi ena alowa n'kutupitsa mitsempha ya m'mbali mwa timapaipito. Kawirikawiri sawonda msanga ngati wa chifuwa chachikulu, koma ndi iyeyu amene angatulutse magazi ochuluka mwadzidzidzi. Thandizo lake ndi mankhwala opha majeremusi ndi kuphunzira kutulutsa makhololo tsiku ndi tsiku, ndipo magazi akakana kuleka, madokotala amatseka mtsempha wotayawo podzera m'kapaipi kolowetsa pa ntchafu, kapena amachita opaleshoni. Nthawi zinanso m'mphako imene chifuwa chachikulu chinasiya mumamera nkhungu youmbika ngati kampira, ndipo nayonso imataya magazi.

Khansa ya m'mapapo sitingaiike pambali kwa munthu wopitirira zaka 40 amene wasuta kwa nthawi yaitali. Iyo kawirikawiri imabweretsa timagazi tochepa tobwerezabwereza kwa masabata, chifuwa chimene chasintha kamvekedwe, mawu osasa, kupweteka kwa pachifuwa kosatha ndi kuwonda. Ekisire ikhoza kuoneka yabwinobwino khansayo ilipo, choncho ngati makhololo sanaonetse chifuwa chachikulu koma magazi akupitirira, pemphani kuti ajambulidwe ndi makina a CT sikani, ndipo ngati n'koyenera aunikidwe ndi kapaipi ka kamera kolowetsa m'njira za mpweya kuti atengeko kachidutswa kokayeza.

Popita tengani khadi lawo lakale la chithandizo ndi zithunzi zakale za ekisire ngati zilipo, chifukwa poyerekeza chithunzi chakale ndi chatsopano timadziwa ngati chooneka m'phapo ndi chipsera chakale kapena chinthu chatsopano chimene chikukula. Fodya amusiye kuyambira lero, ndipo mpaka zotsatira za makhololo zituluke azitseka pakamwa potsokomola, mazenera a chipinda chawo akhale otsekula.