Katundu wogona: kumuzindikira ndi kumuchotsa

"Amayi, ndapita ku Dar kanayi tsopano. Shopu ndi yodzaza koma ndalama yooda ikumachepa ulendo uliwonse. Ndidziwa bwanji katundu amene akundidyera mpamba, ndipo ndimuchotse bwanji osaluza kwambiri?"

Achemwali, yambani ndi cholembera. Katundu akangotsika basi, lembani pa paketi kapena pa katoni iliyonse nambala ya ulendo ndi mtengo wake wofikira pashopu. Mtengo wofikira si uja munalipira ku msika wa Kariakoo ku Dar ayi. Muphatikizepo thiransipoti, msonkho wa pa Songwe, onyamula, kogona, ndi zomwe munataya posintha makwacha kukhala mashilingi. Ambiri amawerenga mtengo woodera wokha, n'kumaona phindu pomwe palibe.

Ine ndimapita pakatha milungu itatu iliyonse. Usiku woti ndinyamuka mawa ndimawerenga zonse zotsala. Chinthu chikandiona ndikupita maulendo awiri chili pomwepo, chagona. Maso amanama chifukwa shopu yodzaza imasangalatsa, koma nambala ya pa paketi sinama. Chizindikiro china n'chakuti makasitomala amachigwira, kufunsa mtengo, n'kuchisiya osanenerera n'komwe. Munthu akanenerera ndiye kuti wachifuna, vuto ndi mtengo. Akangochisiya chete, vuto ndi chinthucho, ndipo kutsitsako pang'ono sikuthandiza.

Ndikuuzeni za nsapato zachizimayi zomwe ndinaoda, mapeya 60, iliyonse yofikira pa K18,000. Mapeya 38 anatha msanga pa K28,000, onse asaizi 38, 39 ndi 40. Anatsala 22, asaizi 36, 37 ndi 41. Ndiye kuti K396,000 inali itakhala pashelefu. Nsapatozo ndinaziumirira miyezi iwiri chifukwa mtima unkakana kugulitsa pansi pa mtengo woodera. Apa mpomwe ndinalakwa. Nthawi imeneyo zitenje zinkandipatsa pafupifupi K20,000 pa K100,000 iliyonse, ndipo zinkatha ulendo wina usanakwane. Ulendo uliwonse womwe nsapato zija zinagona, ndinkataya phindu la pafupifupi K80,000 lomwe sindinkaliona chifukwa silinkalembedwa paliponse.

Ndisanatsitse mtengo kwambiri, ndinayamba ndasintha malo. Ndinatengera nsapatozo ku msika wa pa Jenda nthawi yokolola, anthu ali ndi ndalama, ndipo mapeya 8 anapita pa K20,000. Otsala 14 ndinapikulitsa kwa mnyamata woyenda nazo m'misika pa K13,000, ndalama pamanja. Zonse pamodzi K342,000. Pa pepala ndinaluza K54,000, koma ndalamayo nditaiika mu zitenje inabweza pafupifupi K68,000 ulendo umodzi wokha.

Mukaganiza zotsitsa, tsitsani kamodzi mokwanira. Kuchotsako K1,000 mlungu uliwonse kumangophunzitsa makasitomala kudikira. Ndiponso zotchipazo musaziike pambali pa katundu watsopano wofanana nazo, chifukwa aliyense adzafuna watsopanoyo pa mtengo wa wakale. Ziikeni panja pa tebulo lapadera, kapena zituluke m'dera lanu. Tinthu ting'onoting'ono monga ndolo ndi timipango ndi bwino kutipereka ngati banyira kwa wogula zambiri kusiyana n'kutigulitsa pa mtengo wochititsa manyazi.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musachotse katundu wogona pomukongoza. Kumakoma poyamba, shelefu imapepuka, koma ndalamayo yangochoka pashelefu n'kukagona m'nyumba ya munthu, komwe simungaiwerenge kapena kuigulitsa. Amene amalonjeza kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi amabwera ndi theka, inu basi ya ku Dar itapita. Ngati mpamba wanu ndi wa banki mkhonde, chiwongoladzanja sichidikira kuti iwo alandire.

Si zonse zogona zoyenera kutayidwa, komabe. Mabulangete ndi majuzi otsala mu Ogasiti adzayendanso mu Meyi ndi Juni, ndipo zikwama za sukulu zimadzuka mu Sepitembala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi mapoto ndi mabulangete osunga anapeza bwino, chifukwa kukaoda zomwezo kunali kutakwera kwambiri. Choncho musanatsitse, imbirani amene mumaoda kwa iye mufunse mtengo walero. Ngati chinthucho sichitha fasho, sichiwonongeka, ndipo muli ndi ndalama ina yoyendera, chisungeni pouma, kutali ndi makoswe. Koma masaizi otsala, madiresi a fasho yodutsa, makava a mafoni omwe anthu asiya kugula, ndi mafuta odzola omwe tsiku lake layandikira, zimenezi mwezi uliwonse zimatsika mtengo ngakhale kwacha igwe bwanji.

Ulendo ukubwerawu, nsapato musatenge katoni yosakaniza kale masaizi ngati wogulitsa akulola kusankha. Onjezerani kangachepe pa peya, mutenge 38 mpaka 40 zambiri, enawo awiriawiri basi.